Nyumba ndi yathu kale, tiiwerengerenji? Mafunso ndi mayankho pa katundu amene kampani ili naye kale powerengera pulojekiti

Eni makampani ang'onoang'ono akandibweretsera mapepala a pulojekiti yatsopano kuti tiunike limodzi, pamakhala mzere umodzi umene umasowa pafupifupi nthawi zonse. Mtengo wa makina ulipo, magetsi alipo, malipiro a antchito alipo, koma malo ndi nyumba imene makinawo adzakhalemo sizilembedwa. Ndikafunsa, amandiyankha kuti "Zimenezo ndi zathu kale, sitigula." Chimene chasowa pamenepo chimatchedwa mtengo wa mwayi. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amatsatira yankho limenelo, ndipo ndawayankha pogwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala ake ndi ongoyerekeza, ndawasankha kuti masamu aoneke bwino.

Kodi mtengo wa mwayi n'chiyani?

Ndi ndalama zimene mukadapeza mukadagwiritsa ntchito katundu wanu mwanjira ina yabwino koposa, zimene tsopano simuzipeza chifukwa mwamupereka ku pulojekiti.

Kumudzi zimenezi n'zodziwika kale. Mayi akapha tambala wake kuti alendo adye, palibe ndalama imene yatuluka m'chikwama. Komabe akudziwa kuti Loweruka sapita naye kumsika, ndipo ndalama ya sopo ndi mchere imene ikadachokera pa tambalayo palibe. Mlimi amene wasankha kudzala tomato m'dimba lake amadziwanso kuti mnzake wa kutsidya amafuna kubwereka dimbalo n'kumalipira. Tomatoyo ayenera kubweza mbewu, feteleza ndi mankhwala, komanso ndalama ya dimba imene mlimiyo waikana. Akapanda kubweza zonsezo, kukanakhala bwino kungobwereketsa dimbalo n'kukhala pansi.

Kampani nayonso ili chimodzimodzi, kungoti manambala ndi akulu ndipo pamabwera nkhani ya msonkho.

Popeza palibe ndalama imene ituluke kukagula nyumbayo, ilowa bwanji mu ndalama zolowa ndi zotuluka za pulojekiti?

Funso limene pepala la pulojekiti liyenera kuyankha ndi limodzi: kodi ndalama za kampani yonse zisintha bwanji tikachita pulojekitiyi, poyerekeza ndi mmene zikadakhalira tikadaisiya? Tikuyerekeza makampani awiri. Ina yaika makina, ina sinaike. Kusiyana kulikonse kwa ndalama pakati pa awiriwa ndi kwa pulojekiti, kaya kwabwera chifukwa ndalama yatuluka, kaya chifukwa ndalama yasiya kulowa.

Anthu ambiri amayerekeza lero ndi mawa: lero tili ndi nyumba, mawa tidzakhalabe nayo, ndiye palibe chasintha. Kulakwa kuli pamenepo. Choyerekeza ndi mawa wokhala ndi pulojekiti ndi mawa wopanda pulojekiti. Popanda pulojekitiyo, nyumba ija ikubweretsa lendi mwezi ndi mwezi, kapena yagulitsidwa ndipo ndalama zili kubanki.

Tipatseni chitsanzo chokhala ndi manambala.

Tiyerekeze kuti kampani ina ili ndi weyahausi ku Kanengo mu Lilongwe. Panopa mukukhala wamalonda wina wa feteleza amene amalipira K3 miliyoni pamwezi, kutanthauza K36 miliyoni pachaka. Eni kampaniyo akufuna kumutulutsa kuti aikemo makina oyengera mafuta a soya.

Makinawo, kuphatikizapo kuwanyamula ndi kuwaika, adya K200 miliyoni. Akuyembekeza kuti chaka chilichonse, atalipira soya, magetsi, antchito ndi msonkho, azitsala ndi K80 miliyoni, kwa zaka zisanu. Pakutha pa zakazo tingoti makinawo alibenso mtengo. Kampaniyo imafuna phindu la 20 peresenti pachaka pa ndalama iliyonse imene yaika mu bizinesi, ndipo mlingo umenewu ndi umene tigwiritse ntchito pobweza ndalama za m'tsogolo kuti tione mtengo wake wa lero.

Pa 20 peresenti, K1 yobwera chaka chilichonse kwa zaka zisanu ili ngati K2.99 ya lero. Choncho K80 miliyoni ija ili ngati K239.2 miliyoni ya lero. Tikachotsa K200 miliyoni ya makina, patsala K39.2 miliyoni. Pepala likuti pitirizani, ndipo aliyense m'chipindamo akumwetulira.

Tsopano tibwezeretse mzere wosowa uja. Wamalonda wa feteleza akatuluka, K36 miliyoni ya pachaka isiya kubwera. Sitiwerengera yonse, chifukwa gawo lina linkapita ku msonkho. Makampani ambiri olembetsedwa m'Malawi muno amalipira 30 peresenti pa phindu lawo, ndiye chimene chinkatsala m'thumba la kampani ndi K25.2 miliyoni. Imeneyi tiichotse pa K80 miliyoni ya chaka chilichonse, patsala K54.8 miliyoni. Tikaibweza ku mtengo wa lero ikukhala K163.9 miliyoni, pamene makina adya K200 miliyoni. Pulojekiti ija yasanduka yoluza K36.1 miliyoni.

Mu Excel, manambala ali m'mamiliyoni, mizere iwiriyi ikuoneka motere:

```
=-200+NPV(20%,80,80,80,80,80)
=-200+NPV(20%,54.8,54.8,54.8,54.8,54.8)
```

Woyamba upereka 39.2, wachiwiri upereka -36.1. Onani kuti 200 ili kunja kwa NPV, imene imabweza ndalama za m'tsogolo ku mtengo wa lero, chifukwa Excel imatenga nambala yoyamba ya m'kati ngati yobwera pakutha pa chaka choyamba, pamene makina tikulipira lero.

Makina ndi omwewo, soya ndi yemweyo, msika wa mafuta ndi womwewo. Chasintha n'chakuti tavomereza kuti weyahausi inali kale pantchito. Ndipo kuluzaku si kwa papepala pokha ayi. Pakatha chaka, akauntanti adzaona ndi maso kuti K3 miliyoni imene inkagwa mu akaunti pa 1 mwezi uliwonse sikugwanso.

Lendiyo tiyambe kuiwerengera liti?

Tsiku limene walendi watuluka, osati tsiku limene makina ayamba kulira. Pakati pa masiku awiriwa pamakhala miyezi. Mukuwaka simenti yokhazikapo makina, mukudikira katundu achoke padoko, mukudikira magetsi amphamvu alumikizidwe. Ndinaonapo weyahausi ina itakhala miyezi isanu ndi umodzi ili pululu, m'kati muli mabokosi a makina osatsegula ndi mlonda mmodzi yekha, walendi atatulutsidwa kale. Pa manambala athu aja, miyezi isanu ndi umodzi ndi K18 miliyoni ya lendi, kapena K12.6 miliyoni msonkho utachoka, ndipo palibe dontho la mafuta limene lagulitsidwa. Ndalama imeneyo ilembedwe koyambirira, pamodzi ndi mtengo wa makina.

Ngati pangano la lendi likuti mukamutulutsa nthawi isanakwane mumulipira chipukuta misozi, nachonso chilowe pamenepo.

Nanga zolipira kukhonsolo, inshulansi ndi kukonza denga, tizichotse pa lendi?

Funsani chinthu chimodzi pa chilichonse: kodi tizilipirabe kaya muli walendi kaya muli makina athu? Ngati inde, zisiyeni, sizikusintha kanthu. Msonkho wa nyumba wa kukhonsolo ya mzinda nthawi zambiri umakhala wa mwini nyumba, ndiye ulipo mbali zonse ziwiri. Koma ngati munkalipira ejenti wotolera lendi, ndalama imeneyo ipulumuka walendi akachoka, choncho ichotsedwe pa lendi yotayikayo. Ndipo ngati walendi ndi amene ankalipira alonda, tsopano muzilipira ndinu, imeneyo ndi ndalama yatsopano ya pulojekiti.

Weyahausi yathu tinaimanga ndi K60 miliyoni zaka zapitazo. Kodi imeneyo si ndiye nambala yoyenera kulemba?

Ayi. K60 miliyoniyo inapita kale. Muike makina kapena musaike, siibwerera, ndipo chinthu chimene sichisintha ndi chisankho chanu chilibe malo papepalali. N'chimodzimodzi ndi K20 miliyoni imene munakonzera denga chaka chatha, kapena ndalama imene munalipira munthu amene anakufufuzirani msika wa mafuta. N'zowawa kuzisiya, makamaka kwa amene anazitulutsa m'thumba mwake, koma ndi madzi otayika.

Zinthu ziwirizi zimasokonezedwa chifukwa zonse zikukamba za katundu yemweyo. Ndalama imene munagulira ikuyang'ana kumbuyo. Mtengo wa mwayi ukuyang'ana kutsogolo: katunduyu angatibweretsere chiyani kuyambira lero?

Mtengo wolembedwa m'mabuku a kampani nawonso si woudalira. Umachokera pa mtengo wogulira, n'kumatsitsidwa chaka ndi chaka malinga ndi malamulo a maakauntanti, osati malinga ndi msika. Kwathu kuno kusiyanaku kumakula msanga. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Lole kapena jenereta imene inagulidwa izi zisanachitike ikhoza kukhala ndi mtengo wochepetsetsa m'mabuku, pamene pamsika anthu akuilimbirana chifukwa yatsopano yakwera kwambiri. Ntchito imodzi yokha ya nambala yakaleyo ndi kuthandiza kuwerengera msonkho umene mungalipire mutagulitsa.

Bwanji ngati njira ina ndi kugulitsa weyahausiyo, osati kuibwereketsa?

Apa masamu asintha maonekedwe, ndipo ndi pamene ndimaona zolakwa zambiri, choncho tipite pang'onopang'ono.

Tiyerekeze kuti katswiri woyeza mitengo ya nyumba wati weyahausiyo ingagulidwe K300 miliyoni lero. Nambala imeneyo si imene ingafike m'manja mwanu. Ejenti ndi loya adya, tinene K15 miliyoni. Ndiye pali msonkho pa phindu la kugulitsako. Ngati mtengo umene a msonkho akuuvomereza kuti ndi wanu woyambira ndi K185 miliyoni, phindu ndi K100 miliyoni, ndipo msonkho wake pa 30 peresenti ndi K30 miliyoni. Chotsala ndi K255 miliyoni. Imeneyo ndi imene mukuikana lero posankha kuika makina, ndipo ilembedwe ngati ndalama yotuluka pachiyambi, pambali pa K200 miliyoni ya makina.

Amene amalekera pamenepo amapha pulojekiti yabwino popanda chifukwa. Pakutha pa zaka zisanu weyahausi ikadali yanu. Makina atha, koma zipupa ndi malo zilipo, ndipo mungagulitse nthawi imeneyo. Choncho m'chaka chachisanu mulembe ndalama yolowa: imene mungatsale nayo mutagulitsa pamenepo, ejenti ndi msonkho zitachoka. Chimene pulojekiti yakudyerani si nyumba yonse, koma kuchedwa kwa zaka zisanu kulandira ndalama yake.

Kuchedwako mtengo wake ndi wotani? Pa 20 peresenti, K1 yobwera pakatha zaka zisanu ili ngati 40 tambala ya lero. Ngati mukuganiza kuti m'chaka chachisanu mudzatsala ndi K500 miliyoni, imeneyo ili ngati K200.9 miliyoni ya lero. Mwakana K255 miliyoni, mudzapeza K200.9 miliyoni, ndiye mtengo wa mwayi ndi K54.1 miliyoni. Koma ngati mtengo wa weyahausi sudzakwera n'komwe, n'kudzatsalabe ndi K255 miliyoni yomweyo, mtengo wake wa lero ndi K102.5 miliyoni basi, ndipo mtengo wa mwayi wakwera kufika K152.5 miliyoni.

Taonani kutalikirana kwa manambala awiriwo. Zonse zatsamira pa chinthu chimene palibe angachidziwe motsimikiza, mtengo wa nyumba zaka zisanu zikubwerazi. N'chifukwa chake ine ndimalemba manambala awiri kapena atatu, wotsika, wapakati ndi wokwera, n'kuona ngati yankho likusintha. M'chitsanzo chathuchi silikusintha. K39.2 miliyoni ija singakwirire ngakhale K54.1 miliyoni. Zikakhala choncho mtima umakhala pansi, chifukwa simukufunika kulosera molondola kuti mudziwe chochita.

Ndiye tiphatikize lendi ndi mtengo wogulitsira?

Ayi ndithu. Simungagulitse nyumba lero n'kumatolerabe lendi yake. Mumataya njira imodzi yokha, imene mukadaitsata, ndipo munthu wanzeru akadatsata yabwino koposa. Ndiye bwezani njira iliyonse ku mtengo wa lero n'kutenga yaikulu.

Lendi ya K25.2 miliyoni pachaka kwa zaka zisanu ili ngati K75.4 miliyoni ya lero. Kugulitsa, ngati weyahausi idzafika pa K500 miliyoni, kukupereka K54.1 miliyoni. Pamenepo lendi ndiye yaikulu, ndipo ndi imene ilowe papepala. Ngati mukukhulupirira kuti mtengo wa nyumbayo sudzakwera, kugulitsa ndiye kwakukulu, ndipo K152.5 miliyoni ndi imene ilowe. Imodzi basi, osati zonse.

Kulakwa kwina kofanana nako ndi kugwiritsa ntchito lendi chaka ndi chaka, kenako n'kulembanso mtengo wa weyahausi ngati ndalama yolowa m'chaka chachisanu. Mukadabwereketsa, nyumbayo ikadakhalabe yanu pakutha pa zaka zisanu, monga momwe ikhalire mukaika makina. Palibe kusiyana, ndiye palibe cholemba.

Nanga lole yakale imene m'mabuku ilibenso mtengo?

M'mabuku mulibe, koma pamsika muli. Tinene kuti kampani ija ili ndi lole imene ikufuna izikatenga soya ku Mchinji ndi ku Kasungu. Akauntanti anamaliza kale kuitsitsa mtengo, ndipo ku msonkho nakonso mtengo wake wotsala ndi wochepa kwambiri moti tingouyesa ziro. Koma pali ogula amene angapereke K40 miliyoni lero.

Mutagulitsa, a msonkho aona kuti munachotsera kale mtengo wa loleyo pa phindu la zaka zapitazo, ndiye K40 miliyoniyo aiyesa phindu n'kutengapo K12 miliyoni. Chotsala ndi K28 miliyoni. Imeneyo ndi ndalama yotuluka pachiyambi pa pulojekiti. Ngati pakutha pa zaka zisanu ingagulidwe K10 miliyoni, mulembe K7 miliyoni yolowa m'chaka chachisanu, imene lero ili ngati K2.8 miliyoni.

Msonkho umathanso kukoka mbali inayo. Makina amene mtengo wawo wotsala ku msonkho ndi K50 miliyoni, koma pamsika angagulidwe K30 miliyoni, mutawagulitsa mwaluza K20 miliyoni, ndipo kuluzako kumachepetsa msonkho ndi K6 miliyoni, ngati kampani ili ndi phindu lina lochotserapo. Chimene mukukana ndi K36 miliyoni, osati K30 miliyoni. Koma mukawasunga, mupitiriza kuchotsera mtengo wawo pa msonkho chaka ndi chaka, ndipo ndalama yopulumukayo ilembedwe ngati yolowa. Malamulo a bungwe la MRA pa zochotserazi amasiyana malinga ndi mtundu wa katundu, choncho apa khalani pansi ndi akauntanti wanu kuti manambala akhale a katundu wanuyo.

Loleyo sitikanaigulitsa, imagwira kale ntchito yonyamula katundu wa mashopu athu. Tiwerengere chiyani?

Werengerani chimene chichitike kumashopuko lole ikachoka. Ngati muzichita hayala lole ina, mtengo wa mwayi ndi ndalama ya hayalayo chaka chilichonse, mutachotsa mafuta ndi zina zimene munkalipira kale pa maulendowo, komanso msonkho. Ngati mugula lole ina yofanana nayo, ndi mtengo wa lole imeneyo. Ngati ntchitoyo ingoima, ndi phindu limene inkabweretsa.

Pali malire amodzi othandiza. Mtengo wa mwayi sungapose ndalama imene mungawononge kupeza china cholowa m'malo. Ngati lole imabweretsera mashopu phindu lofika K90 miliyoni pa mtengo wa lero, koma ina yofanana nayo ikupezeka pa K45 miliyoni, simungalole kutaya K90 miliyoni. Mugula inayo. Ndiye chimene pulojekiti yakudyerani ndi K45 miliyoni.

Kodi pali nthawi imene mtengo wa mwayi umakhaladi ziro?

Ilipo, ndipo musaope kulemba ziro ikakhala yoona. Kangodya ka m'kati mwa mpanda wa fakitale, kopanda chipata chakechake, kamene simungakadule n'kugulitsa ndipo palibe angakabwereke, kalibe njira ina. Makina opangidwira ntchito imodzi yokha, amene mtengo wowazula ndi kuwanyamula ukuposa ndalama imene ogula zitsulo angapereke, nawonso ndi ziro.

Malo ali ndi zake. Malo ambiri a mafakitale m'mizinda yathu ali pa lizi, ndipo chikalata cha lizi chimanena ntchito imene malowo ayenera kugwira, ndiponso kawirikawiri chimafuna chilolezo cha mwini malo musanawapereke kwa wina. Malo a makolo ali ndi malamulo ake ndi eni ake ambiri, si munthu mmodzi angadzuke n'kuwagulitsa. Njira imene lamulo kapena pangano silikukulolani si njira, ndipo ndalama yake isalowe papepala. Yambani mwawerenga chikalatacho.

Chimene ndimakana ndi ziro ya ulesi. "Nyumbayo ingokhala" si umboni wakuti palibe angaifune. Nthawi zambiri imangokhala chifukwa palibe amene anapita kukafunsa. Imbirani ma ejenti awiri kapena atatu, funsani oyandikana nanu amalipira zingati pa sikweya mita, onani ngati m'dera lanulo muli nyumba zina zopanda anthu ndiponso zakhala nthawi yaitali bwanji. Komanso musapitirire mbali inayo n'kugula mbereko mwana asanabadwe. Munthu amene anangonena pamaliro kuti angaigule K500 miliyoni si wogula. Ngati m'deralo nyumba zimakhala miyezi itatu pachaka zopanda walendi, werengerani miyezi isanu ndi inayi.

Jenereta yathu timaigwiritsa ntchito theka lokha la mphamvu yake. Theka linalo si laulere?

Lero likhoza kukhala laulere, kupatula dizilo ndi kukonza koonjezera, zimene ndi ndalama zotuluka zenizeni. Funso ndi lakuti theka limenelo linkadikira ndani. Ngati bizinesi yanu yakale ikukula, ndipo mumayembekeza kugula jenereta yachiwiri m'chaka chachisanu, koma chifukwa cha makina a soya muyenera kuigula m'chaka chachitatu, pulojekiti yakokera ndalamayo pafupi ndi zaka ziwiri.

Tinene kuti jeneretayo ndi ya K100 miliyoni, ndipo mtengo wake tausiya wosasintha kuti masamu aphweke. Kulipira m'chaka chachitatu kuli ngati K57.9 miliyoni ya lero, pamene m'chaka chachisanu kuli ngati K40.2 miliyoni. Kusiyana kwake, K17.7 miliyoni, ndi kwa pulojekiti. Musaisenzetse K100 miliyoni yonse, popeza mukadagulabe, koma musaisiyenso osalipira kanthu.

Abanki atifunsa pepala la ndalama zolowa ndi zotuluka. Tilembemo zimenezi?

Abanki akufunsa funso lina: kodi mu akaunti mudzakhala ndalama yobwezera ngongole mwezi ndi mwezi? Pepala limenelo ndi la ndalama zenizeni za kampani. Lendi imene isiye kubwera ichotsedwe ndithu pa zolowa, chifukwa yasowadi, ndipo kuisiyamo n'kudzinamiza. Koma K255 miliyoni ya kugulitsa kumene sikunachitike isalembedwe ngati yotuluka, popeza palibe cheke chimene mulembe.

Ndiye mapepala ndi awiri. Lina ndi losankhira ngati pulojekiti ndi yoyenera, ndipo mtengo wa mwayi ulimo wonse. Lina ndi loonera ngati ndalama zikwana. Pulojekiti ikhoza kupambana papepala la banki n'kulephera pa linalo. Makina a soya aja akubweretsa K80 miliyoni pachaka, ngongole ikhoza kubwezedwa bwinobwino, abanki n'kukhutira, koma eni kampani ali osaukirapo kusiyana ndi mmene akadakhalira ndi walendi wawo wa feteleza.

Ngati weyahausiyo ndi chikole cha ngongole ina yakale, musachotse ngongoleyo pa mtengo wake powerengera mwayi. Mutagulitsa n'kubweza ngongole, kampani yapindulabe ndi ndalama yonse, kungoti gawo lina lapita kukafafaniza ngongole.

Malowo ndi a bambo athu, amene ndi mwini kampani, ndipo salipiritsa lendi. Pamenepa bwanji?

Kampani silipira kanthu, koma bambo akutaya lendi imene akadalandira kwa munthu wina, ndipo phindu la kampani likupita m'thumba lomwelo. Ngati funso ndi lakuti banjalo lipindula kapena ayi, lendiyo iwerengedwe. Zimakhala zofunika kwambiri pamene mu kampani muli anthu ena akunja kwa banja. Popanda lendi, bambo akugawira anzawowo ndalama yawo mosadziwa, ndipo tsiku limene ana adzafune lendi ya pamsika, pulojekiti imene inkaoneka yonona idzaonekera mafupa.

Ndiye kampani ya ku Kanengo ija isiye maganizo a mafuta a soya?

Osati msanga choncho. Manambala aja akunena kuti makina amenewa, m'nyumba imeneyi, pa phindu limeneli, sakukwanira. Akusonyezanso pamene pali vuto, ndipo pali zinthu zitatu zoti eni ake ayese.

Choyamba ndi kufunsa kuti makinawo ayenera kubweretsa zingati kuti alipire zonse. K200 miliyoni tikaigawa ndi 2.99 ikupereka K66.9 miliyoni pachaka, ndipo tikaonjeza K25.2 miliyoni ya lendi tikufika pa K92.1 miliyoni. Ngati kugulitsa chakudya cha ziweto chotsala poyenga kunawerengedwa motsika, kapena ngati makina angagwire ntchito usana ndi usiku, mwina K12 miliyoni yoonjezerayo ingapezeke. Koma ipezeke ndi umboni, osati kungokweza nambala kuti pepala likondweretse.

Chachiwiri ndi kuyeza nyumbayo ndi tepi. Ngati makina ndi matumba a soya zikukwana theka la weyahausi, ndipo wamalonda wa feteleza angavomere kutsala m'theka linalo pa K1.5 miliyoni pamwezi, lendi yotayika ndi K12.6 miliyoni pachaka, kapena K37.7 miliyoni pa mtengo wa lero. Tikaichotsa pa K39.2 miliyoni ija, pulojekiti yatsala ndi pafupifupi K1.5 miliyoni yokha, ndipo khoma logawa nyumbayo lisanamangidwe. Pamenepo ndi pamalire penipeni, ndiponso feteleza ndi mafuta odya pansi pa denga limodzi ndi nkhani yofunika kuiganizira payokha.

Chachitatu ndi chimene anthu sachiganizira chifukwa chozolowera kuti nyumba yawo ndi yaulere: kusiya walendi ali momwemo n'kukachita lendi kwina. Ngati shedi yokwanira makinawo ikupezeka kunja kwa mzinda, kufupi ndi alimi a soya, pa K1.2 miliyoni pamwezi, imeneyo ndi K14.4 miliyoni pachaka, kapena K10.1 miliyoni msonkho utachoka, ndipo pa mtengo wa lero ndi K30.1 miliyoni. Tikaichotsa pa K39.2 miliyoni ija patsala K9.1 miliyoni, weyahausi ya ku Kanengo ikubweretsabe K3 miliyoni yake mwezi uliwonse. Chotsala kufufuza ndi magetsi a kushediko, msewu wake nthawi ya dzinja, ndi mtengo wonyamulira mafuta kubwera nawo m'tauni, ndipo zonsezo pamodzi zisapose K3 miliyoni pachaka msonkho utachoka.